Tokotaimu isathere pa boda: konzani foni musanakwere basi ya ku Lilongwe

Dandaulo ili mwalimvapo m'basi, mwina kwa munthu amene munakhala naye mpando umodzi kuchoka ku Lilayi kupita mu tauni. Anapita ku Malawi kukagula katundu kapena kumaliro. Ananyamuka ndi tokotaimu yokwanira, bando ya deta ya mwezi wathunthu ilimo. Atangodumpha boda ya Mwami foni inalira kawiri katatu, ndipo pofika ku Lilongwe zonse zinali zitasila. Sangatume foni kunyumba, sangapeze wachibale amene anayenera kumulandira pa depoti, ndipo njira sakuidziwa.

Ambiri amati anaberedwa. Nthawi zambiri sipakhala wakuba. Foni imangochita zimene inauzidwa kuchita, koma pa mtengo wa dziko lina. Mankhwala ake ali patatu: mapu osungiratu mu foni, simu ya dziko limene mukupitako, ndi WhatsApp imene simuikhudza. Zonsezi zimakonzedwa muli kuno, basi isananyamuke pa Intercity.

Chimene chimadya ndalama

Simu yanu ya Airtel, MTN, Zamtel kapena Zed Mobile imagwira netiweki kudzera pa nsanja za kampani yake. Mukatuluka mu Zambia nsanjazo kulibe, ndiye simu imabwereka nsanja za kampani ya kumeneko, monga TNM kapena Airtel ya ku Malawi. Kubwereka kumeneku ndiye romingi. Kampani yachilendoyo imalipiritsa kampani yanu, ndipo kampani yanu imatenga ndalamazo kwa inu.

Ambiri a ife timaikiratu tokotaimu, choncho sitilandira bilu kumapeto kwa mwezi. Bilu yathu ndi tokotaimu kuzimiririka. Bando wamba imene munagula kuno kawirikawiri sigwira ntchito kunja, ndiye foni ikafuna intaneti imayamba kudula pa tokotaimu, megabaiti iliyonse pa mtengo wake. Ndipo foni siyembekeza kuti muitsegule. Ili m'thumba imatsitsa mavidiyo a m'gulu la ku tchalitchi, zithunzi za m'gulu la chilimba, ndi kukonzanso mapulogalamu ake.

Tiyerekeze, mwachitsanzo chabe, kuti megabaiti imodzi kunja ikudulidwa K2. Vidiyo imodzi ya ukwati ya megabaiti 15 ndi K30. Mavidiyo asanu otere ndi K150, inu musanawaonere n'komwe. Mitengo yeniyeni imasiyana pa kampani ndi pa dziko, ndipo makampani ena ali ndi mabando apadera a kunja. Funsani ku shopu ya kampani yanu musananyamuke, ndipo funso likhale lolunjika: ndikakhala ku Malawi, megabaiti imodzi ndi zingati, kutuma foni ndi zingati pa mineti, nanga kuyankha foni?

Funso lomalizali ndi limene anthu amaiwala. Kuno woyankha foni salipira. Pa romingi, woyankha nayenso angathe kudulidwa.

Titenge mayi wa ku Lilayi

Kuti nkhani imveke, titenge chitsanzo cha mayi wa ku Lilayi amene amagulitsa mpunga ndi zitenje, ndipo akupita ku Lilongwe masiku asanu. Foni yake ndi ya Android yolowa masimu awiri, ngati mafoni ambiri amene timaona m'basi. Ulendo wake ndi wa msewu wa Great East: Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Sinda, Katete mpaka Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Kuchoka apo ndi pang'ono chabe kufika pa boda ya Mwami ndi Mchinji, pamene kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a mayiko awiriwa amagwirira ntchito pamalo amodzi. Kuchoka ku Mchinji kufika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira pang'ono 100.

Ntchito yake yoyamba ikuchitika masiku awiri ulendo usanafike, ndipo ndi ya mapu.

Mapu opanda deta

Pali chinthu chimene ambiri sadziwa: kadontho kabuluu kosonyeza pamene muli sikafuna deta. Foni imamva malo kuchokera ku masetilaiti a GPS, kwaulere, ngakhale mulibe simu. Chimene chimadya deta ndi chithunzi cha mapu, misewu ndi mayina a malo. Mukasungiratu zimenezi mu foni, kadontho kaja kamayenda pa mapu bwinobwino popanda netiweki.

Mu Google Maps, mayiyu akhudza kachithunzi kake pamwamba kudzanja lamanja, asankha "Offline maps", kenako "Select your own map". Patuluka bokosi. Asuntha mapu ndi zala mpaka bokosilo litaphimba Chipata, Mchinji ndi Lilongwe yense, ndiye akhudza "Download". Foni imauza kukula kwake isanayambe kutsitsa, choncho ayenera kuona ngati malo alipo. Izi achite pa waifai, kapena ndi bando yotchipa ya usiku, osati m'mawa wa ulendo ali pamzere wa tikiti.

Kutsitsa si kumaliza. Ayese. Aike foni pa "Airplane mode", atsegule mapu, alembe "Lilongwe" ndi kukulitsa mpaka misewu ing'onoing'ono ioneke. Ngati ikuoneka ndi mayina ake, mapu alowa. Ngati pakungotuluka timabokosi totuwa, kutsitsa sikunathe kapena bokosi silinafike kumeneko. Ndi bwino kudziwa zimenezi muli ku Lilayi kusiyana ndi kudziwira pa depoti ya mzinda wa eni, dzuwa litalowa.

Mapu amenewa ali ndi malire ake. Popanda intaneti, Google Maps imapereka njira ya galimoto yokha. Sipereka njira ya wapansi, siuza za kuthithikana kwa magalimoto, ndipo mapu osungidwawo ali ndi tsiku lotha ntchito limene limaoneka pa mndandanda womwewo. Amene amayenda kwambiri wapansi angaike Organic Maps kapena OsmAnd. Awa amagwiritsa ntchito mapu a OpenStreetMap, mumatsitsa dziko lonse kamodzi, ndipo amasonyeza njira ya wapansi popanda deta.

Chotsatira ndi kusunga malo. Lilongwe amagawidwa m'maeriya a manambala, ndipo manambalawo satsatana pansi monga momwe amatsatirana powerenga. Kudziwa kuti mlamu amakhala ku "Area 25" sikukufikitsani pa geti. Mayiyu apemphe wachibale wake kuti amutumizire malo pa WhatsApp ali kunyumba kwakeko, kudzera pa "Location" ndi "Send your current location". Atsegule malowo mu mapu akadali ndi deta, awasunge ndi "Save", ndi kuwapatsa dzina. Achite chimodzimodzi ndi depoti ya mabasi, msika ndi malo ogona. Chizindikiro chosungidwa chimaonekabe deta ikazimitsidwa. Chimene chili mu WhatsApp chabe, chosatsegulidwa, chingakane kutseguka pa nthawi imene mukuchifuna.

Tsekani mpopi musanafike pa boda

Ntchito yachiwiri ndi yaifupi, koma ndi imene imapulumutsa ndalama. Mu "Settings", pamalo a masimu ndi netiweki, muli batani lotchedwa "Data roaming", mafoni ena amangolemba "Roaming". Pa Samsung lili pansi pa "Connections" ndi "Mobile networks". Lizimitsidwe pa simu ya ku Zambia. Likazima, simu imalandirabe mauthenga ndi mafoni kunja, koma sitsegula intaneti.

Osadikira kufika pa boda. Netiweki sidziwa pamene pali chipata cha a imigireshoni. Pafupi ndi malire foni ingagwire nsanja ya tsidya lina inu mukadali mu Zambia, ndipo anthu a ku Chirundu, Nakonde ndi Livingstone amazidziwa bwino zimenezi. Chizindikiro chake ndi kalembo ka R pafupi ndi timizere ta netiweki, dzina lachilendo la kampani pamwamba pa foni, kapena uthenga wokulandirani ku dziko lina. Mayiyu azimitse batanilo ali ku Lilayi. Mkati mwa Zambia silisintha kanthu, bando yake igwirabe ntchito mpaka ku Chipata.

Asananyamuke akonzenso manambala. Nambala yosungidwa ngati 097 kapena 096 imagwira kuno, koma akaituma ndi simu ya ku Malawi foni idzaifuna ku Malawi. Achotse ziro woyamba ndi kuika +260 kutsogolo. Manambala a ku Malawi ayambe ndi +265. Nambala yolembedwa chonchi imagwira kulikonse, kuno ndi kunja komwe. Ziwiri kapena zitatu zofunika kwambiri azilembe papepala ndi kuika mu pasipoti, chifukwa foni ikafa batire mapu ndi manambala zimafera limodzi. Ulendo wa ku Chipata ndi wa tsiku lathunthu, ndipo m'mapiri a ku Luangwa netiweki imabwera ndi kupita. Foni ikamafunafuna netiweki imadya batire maningi, ndiye "Airplane mode" m'malo amenewo imathandiza.

Simu ya kumeneko

Atadinditsa pasipoti, mayiyu afuna simu ya TNM kapena Airtel ya ku Malawi. Monga momwe ZICTA imafunira kuno, bungwe la MACRA nalonso limafuna kuti simu iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndipo mlendo amalembetsa ndi pasipoti. Malo abwino ndi shopu ya kampani kapena ejenti wodziwika amene alembetse simuyo iye akuona.

Pa maboda sipasowa anyamata ogulitsa simu "yokonzeka kale". Ndi yachangu, inde, koma ili m'dzina la munthu wina. Ikatsekedwa kapena ikatayika simungaibwezeretse, ndipo ndalama zimene mwaikamo sizili m'dzina lanu. Mphindi zochepa zimene mwapulumutsa sizilingana ndi vutolo.

Asachoke pa shopu asanaone zinthu zitatu. Choyamba, simu yagwira netiweki ndipo walemba nambala yake yatsopano. Chachiwiri, tokotaimu imene waika yasinthidwa kukhala bando, ndipo uthenga wotsimikiza wabwera. Kuikamo tokotaimu n'kutsegula deta osagula bando ndi kutaya ndalama, ngakhale pa simu ya kumeneko. Chachitatu, intaneti ikutsegukadi. Ngati timizere tadzaza koma palibe chikutseguka, nthawi zambiri vuto limakhala pa "Access Point Names", ndipo wa pa shopu amakonza msanga.

Manje pa foni ya masimu awiri pali msampha. Foni iyenera kuuzidwa kuti deta izichokera pa simu iti. Pa "Mobile data" asankhe simu ya ku Malawi. Mafoni ena ali ndi batani losintha deta yokha kupita pa simu ina netiweki ikafooka. Limenelo lizime. Aonenso simu imene yaikidwa kuti izituma mafoni ndi mauthenga, chifukwa akatuma foni kwa wogulitsa mpunga wa ku Lilongwe kudzera pa simu ya ku Zambia, alipira mtengo wa romingi pa munthu amene ali tsidya la msewu.

Simu ya ku Zambia isachotsedwe ngati malo alipo. Ndi imene imalandira mauthenga a ku banki ndi a ndalama za pa foni, kuphatikizapo manambala achinsinsi otsimikizira. Kulandira uthenga wamba pa romingi kawirikawiri sikulipiritsidwa. Wa foni ya simu imodzi aichotse ndi kuimata ndi tepi mkati mwa kava, chifukwa ikatayikira kunja, yatsopano adzaitenga atabwerera kuno.

Pali chinanso choyesera kunyumba. Mafoni ena, makamaka ogulidwa pa nkhongole kapena otumizidwa ndi achibale a kunja, amakhala omangidwa ku kampani imodzi. Bwerekani simu ya mnzanu ya kampani ina, muike. Foni ikapempha nambala yotsegulira netiweki, dziwani kuti simu yachilendo nayo idzakanidwa.

WhatsApp musaikhudze

Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Amaganiza kuti simu yatsopano imafuna WhatsApp yatsopano. Ayi. WhatsApp imafunsa nambala kamodzi, pa tsiku lolembetsa. Kuchoka pamenepo imangofuna intaneti, ndipo siisamala kuti intanetiyo ikuchokera pa simu iti. Mayiyu akaika simu ya ku Malawi, makasitomala ake a ku Kabwata ndi Woodlands adzamupezabe pa nambala yake ya +260, ngati kuti ali ku Lilayi.

Choncho asakhudze "Change number", asafute pulogalamuyo, asaiikenso. Akaifuta n'kuiikanso idzatumiza nambala yotsimikizira ku simu ya ku Zambia, ndipo ngati simuyo sikugwira kumene ali, watsekeredwa kunja kwa akaunti yake mpaka atabwerera. Asananyamuke atsegule "Two-step verification" pansi pa "Account" ndi kuika manambala ake asanu ndi limodzi achinsinsi. Ndipo nambala yotsimikizira ikabwera iye asanaipemphe, asaipereke kwa munthu aliyense, ngakhale wodzitcha wachibale.

Kenako apite pa "Storage and data". Pa "When using mobile data" achotse mavidiyo ndi zina zonse zimene safuna kuti zizitsika zokha, ndipo atsegule "Use less data for calls". Akatero vidiyo ya m'gulu idzatsika pokhapokha iye ataikhudza.

Nanga bando ikhale yaikulu bwanji? Tiwerengere mongoyerekeza. Kulankhula pa WhatsApp ndi mawu okha kumadya pafupifupi theka la megabaiti pa mineti. Mphindi 20 pa tsiku kwa masiku asanu ndi mphindi 100, ndiye kuti megabaiti pafupifupi 50. Zithunzi za zitenje zotumiza kwa makasitomala, ngati sanasankhe "HD", WhatsApp imazichepetsa, ndipo zisanu zingakwane mu megabaiti imodzi kapena kupitirira pang'ono. Zithunzi 30 pa tsiku kwa masiku asanu ndi zithunzi 150, megabaiti 30 kapena 40. Kuwonjezera mauthenga olemba ndi a mawu, ntchito yonse ya ulendowu singapitirire kwambiri megabaiti 150. Bando ya gigabaiti imodzi ya sabata ikwana ndi kutsalako.

Chimene chimasokoneza masamuwa ndi vidiyo. Kulankhulana moonana kumadya kangapo kuposa mawu okha, ndipo ola limodzi pa TikTok lingadye deta yoposa ntchito yonse ya masiku asanu aja. Ngati bando yasila tsiku lachiwiri, tsegulani "Data usage" mu "Settings". Foni imasonyeza pulogalamu imene yadya, ndipo kawirikawiri wolakwa si WhatsApp.

Malire a WhatsApp ndi akuti imatuma kwa wa WhatsApp mnzake basi. Agogo a kafoni ka mabatani sangafikiridwe nayo. Mayiyu apangane ndi wa kunyumba mmodzi wokhala ndi deta kuti uthenga uzidutsira kwa iye. Simu ya ku Zambia ikalira ali ku Lilongwe, asayankhe. Aone amene watuma, amubwezere pa WhatsApp.

Mlendo akabwera kuno

Msewu womwewu umabweretsanso alendo. Wachibale wochokera ku Lilongwe akatsika pa Intercity, mu msewu wa Dedan Kimathi, vuto lake ndi lomweli motembenuza. Muuzeni asananyamuke kuti azimitse "Data roaming" ndi kutsitsa mapu a Lusaka. Bokosi limodzi likwana kuphimba tauni, Kabwata, Woodlands, Kabulonga, Chelstone kum'mawa ndi Lilayi kum'mwera. Simu alembetse ndi pasipoti yake pa shopu ya kampani. Musamulembetsere ndi chitupa chanu, chifukwa chilichonse chochitika pa nambalayo chidzafunsidwa kwa inu.

Ku Lilayi chizindikiro cha pa mapu ndi chofunika kuposa ku Kabulonga kapena Woodlands, kumene misewu ili ndi mayina okhazikika. Kumapuloti atsopano timalondolerana ndi zimene maso akuona: mukapitirira koleji ya apolisi, mukhote pa kantemba, geti yakuda. Mlendo sadziwa kuti kantemba ndi kati, ndipo mageti akuda ndi ambiri. Imani pa geti yanu, panja osati m'nyumba, dikirani kadontho kakhazikike, ndiye mutumize malowo. Pansi pa malata GPS imasokera, ndipo ingaike nyumba yanu kwa aneba a mzere wina.

Muuzeninso zimene mapu sadziwa. Sadziwa kuti basi ya kwanu imakwezera pa Kulima Tower, City Market kapena Millennium, sadziwa mtengo wa lero, ndipo sadziwa kuti msewu wafumbi umene akuusonyeza umasanduka dambo nthawi ya mvula. Zimenezo ndi za ba kondakitala ndi za inu. Yango nayo siitanidwa popanda deta. Chimene mapu osungidwa amachita m'basi ndi kumuonetsa mlendo kuti ali pati pa msewu wa Kafue, kuti adziwe nthawi yoti anene kuti "nisala apa" asanapitirire.

Pobwerera, mayi wathu uja akangodutsa Mwami asinthe "Mobile data" kubwerera pa simu ya ku Zambia. Simu ya ku Malawi ndiyo yakhala mlendo tsopano, ndiye "Data roaming" yake nayo izime. Aisunge mu pasipoti pamodzi ndi nambala yake. Simu yokhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa ndi kampani, choncho paulendo wotsatira ayambe waiyesa pa boda asanaikemo tokotaimu.